Mapepala ambiri, fayilo imodzi: kukonza PDF yoti ilowe pa potalo

Fayilo ya PDF ili ngati envulopu. Mkati mwake mumalowa masamba angapo, ndipo aliyense woyitsegula, kaya pa foni kaya pa kompyuta, amawaona masambawo monga momwe wotumiza anawasanjira. Kampani ya Adobe ndiyo inayambitsa mtundu wa fayilo umenewu mu 1993, ndipo mu 2008 unavomerezedwa kukhala muyezo wa dziko lonse lapansi. N'chifukwa chake maofesi olandira makalata pa intaneti amaukonda. Mlembi amatsegula fayilo imodzi n'kuona zonse, osati kusakasaka zithunzi khumi zomwazika.

Ku Malawi kuno nkhaniyi imawapeza kwambiri ana a sukulu amene alemba mayeso a MSCE. Bungwe la NCHE limalandira pa intaneti mafomu a ofuna malo m'mayunivesite a boma, nalonso bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede la HESLGB limachita chimodzimodzi, ndipo mabungwe ambiri olemba anthu ntchito atsata njira yomweyo. Tsamba la pa intaneti lolandirira makalatawa, limene ambiri amalitchula kuti potalo, limakhala ndi malamulo ake. Mapotalo ena amafuna chikalata chilichonse pachokha, ena amafuna zonse mu fayilo imodzi, ndipo pafupifupi onse amaika malire a kulemera kwa fayilo. Malirewo amasiyana potalo ndi potalo, amasinthanso chaka ndi chaka, choncho ntchito imayamba ndi kuwerenga zimene zalembedwa pafupi ndi batani lotumizira.

Kwa munthu wa ku Mvera, ku Nambuma, ku Nthondo kapena ku Malomo, kulakwitsa pamenepa kumadya ndalama. Malo a fotokope okhala ndi kompyuta ndi sikana amapezeka pa Mponela, pa Madisi, pa Dowa boma ndi pa Ntchisi boma, ndipo kukafika kumeneko n'kulipira kabaza kapena minibasi. Netiweki nayo m'mapirimu imayenda ndi malo: pamtunda ilipo, kudambo yathawa. Fayilo ikakanidwa, bandulo yapita kale.

Chitsanzo chimodzi chikwanira kuonetsa ntchito yonse. Mtsikana wina wa ku Malomo, wongoyerekeza, akufunsira malo a maphunziro, ndipo potalo ikufuna PDF imodzi yosapitirira 2 MB. Iye ali ndi kalata yofunsira malo yotayipa pa kompyuta, fomu ya masamba atatu yolemba pamanja, satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, silipi ya kubanki ndi kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo. Kalata yotayipa ili kale mu kompyuta. Zotsalazo wazijambula ndi foni, ndipo poti chiphaso wachijambula kumaso ndi kumbuyo, zithunzi zakwana zisanu ndi zitatu. Chithunzi chilichonse chikulemera pafupifupi 3 MB. Zonse pamodzi ndi 24 MB, kuchulukitsa ka 12 malire a potalo.

Apa pali chinthu chimene ambiri amachimva mochedwa: kuphatikiza mafayilo sikuchepetsa kulemera. Matumba asanu ndi atatu a chimanga akakwezedwa pa ngolo imodzi, ng'ombe zimakokabe matumba asanu ndi atatu. Zithunzi za 24 MB zikaphatikizidwa, PDF yotulukayo imakhala ya 24 MB kapena kuposerapo pang'ono. Kuphatikiza ndi ntchito ina, kuchepetsa ndi ntchito inanso, ndipo kuchepetsa kwabwino kumachitika poyambirira, pa tsamba lililonse palokha.

Choncho pamafunika masamu ochepa foni isanajambule kanthu. 1 MB ndi pafupifupi 1,000 KB, ndiye kuti 2 MB ndi 2,000 KB. Masamba a mtsikana uja akhala asanu ndi atatu, poti mbali ziwiri za chiphaso zikhala pa tsamba limodzi. Kugawa 2,000 KB kwa masamba 8 kukupereka 250 KB pa tsamba. Imeneyo ndiyo bajeti. Tsamba lina likhoza kudya zambiri ngati lina ladya zochepa, koma zonse pamodzi zisadutse malire.

Kulemera kwa chithunzi kumachokera ku timadontho. Chithunzi chilichonse cha pa foni kapena cha pa sikana ndi timadontho ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere, ndipo sikana imafunsa kuti pa inchi imodzi pakhale timadontho tingati. Nambala imeneyo pa sikirini imalembedwa kuti dpi. Pepala wamba la A4 ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Likajambulidwa pa 300 dpi limakhala ndi timadontho pafupifupi 8.7 miliyoni. Likajambulidwa pa 150 dpi limakhala ndi timadontho pafupifupi 2.2 miliyoni. Nambala ya dpi yatsika ndi theka, koma timadontho tatsika kanayi, chifukwa tachepa m'lifupi ndi m'litali momwe. Apa ndi pamene pagona mphamvu yaikulu yochepetsera fayilo.

Kwa chikalata choti munthu angochiwerenga pa sikirini, 150 dpi imakwana pa zilembo za msinkhu wamba. Chikalata chokhala ndi tizilembo ting'onoting'ono, monga satifiketi, chimafuna 200 dpi. Nambala ya 300 dpi ndi ya zinthu zoti zikasindikizidwenso bwinobwino, ndipo malo ambiri a fotokope amasiya sikana yawo pamenepo kapena pamwamba pake osasintha, n'chifukwa chake tsamba limodzi limatuluka lolemera ngati lonyamula mwala. Pansi pa 100 dpi zilembo zazing'ono zimayamba kusungunuka. Foni nayo imajambula mopitirira muyeso: kamera ya timadontho 12 miliyoni, pepala likadzaza chithunzi chonse, imapereka zoposa 300 dpi, kutanthauza kuti pali zambiri zoti zichotsedwe popanda kuwononga mawu.

Chachiwiri chimene chimalemeretsa chithunzi ndi mtundu wake. Chithunzi cha mitundu yonse chimalemera kuposa chotuwa, chija pa sikirini chimalembedwa kuti Grayscale, ndipo chotuwa chimalemera kuposa chakuda ndi choyera chokhachokha, Black and White. Fomu yolemba ndi cholembera imaoneka bwino ili yotuwa. Koma chakuda ndi choyera chokhachokha n'choopsa pa zikalata za boma, chifukwa makina amaweruza kadontho kalikonse kuti ndi kakuda kapena koyera, palibe za pakati. Chidindo chofiirira chimene inki yake inali itatsala pang'ono kutha chimazimiririka, ndipo nkhope ya pa chiphaso imasanduka chikala. Kalata ya amfumu yopanda chidindo ndi pepala chabe. Choncho satifiketi, chiphaso ndi kalata iliyonse yodindidwa zimasiyidwa ndi mitundu yake.

Kajambulidwe kenikeniko kamathandizanso kuposa momwe anthu amaganizira. Zithunzi za pa foni zimasungidwa mu mtundu wa JPG, umene umapanikiza bwino malo osalala a mtundu umodzi koma umavutika ndi malo a mawangamawanga. Pepala loikidwa pa chitenje cha maluwa kapena pa mphasa limatuluka lolemera, poti foni ikusunga maluwa ndi mizere ya bango pamodzi ndi kalata. Tebulo lakuda losalala ndi labwino, ndipo limathandiza pulogalamu kuona pamene pepala lathera. Kujambula m'nyumba mwa mdima kumadzaza chithunzi ndi timchenga tosaoneka bwino, timene timalemeretsa fayilo ndi kusokoneza zilembo. Malo abwino ndi pakhonde masana, pamthunzi, foni itayang'ana pepala molunjika kuchokera pamwamba, tochi ya kamera itazimitsidwa. Satifiketi yokutidwa ndi pulasitiki imanyezimira, ndipo kuwalako kumakonda kugwera pa magiredi penipeni. Silipi ya kubanki, ngati ndi ya pepala lopyapyala lotuluka m'makina, ijambulidwe tsiku lomwelo, chifukwa zilembo zake zimafufutika zikakhala m'thumba pa dzuwa.

Kamera wamba ya foni imaposedwa ndi mapulogalamu ojambulira mapepala. Mu Google Drive, imene imapezeka m'mafoni ambiri a Android, muli batani la Scan. Palinso Adobe Scan ndi CamScanner. Mapulogalamuwa amadula m'mphepete, amawongola pepala lopendekeka, amayeretsa pamene panali mthunzi, ndipo amalola kujambula masamba angapo motsatizana n'kuwasunga ngati PDF imodzi. Amene ali ndi mapepala onse m'manja akhoza kumaliza ntchito yonse pomwepo, osafunanso kuphatikiza. Chofunika kuyang'ana n'chakuti ena mwa mapulogalamu aulere amadinda dzina lawo pansi pa tsamba lililonse, ndipo nthawi zina podula m'mphepete amadula nambala ya satifiketi imene ili pakona.

Kalata yotayipa ija isasindikizidwe kuti ijambulidwenso, pokhapokha ngati ikufuna siginecha ya pamanja. Mu Word muli Save As, pamene munthu amasankha PDF. Tsamba lotere limasunga zilembo ngati zilembo, osati ngati chithunzi, ndipo kawirikawiri limalemera makilobayiti makumi angapo okha. Ndi tsamba limeneli limene limasiyira satifiketi malo mu bajeti ija. Chiphaso cha unzika nacho n'chaching'ono, pafupifupi mamilimita 86 ndi 54, choncho mbali zake ziwiri zimakwana pa tsamba limodzi, kumaso pamwamba, kumbuyo pansi. Kuchikuza mpaka chidzaze A4 yonse n'kungowononga malo.

Mafayilo akakonzeka, pamabwera kusanja. Ngati chilengezo chatchula zikalata motsatana, ndondomeko ya masamba itsate mndandanda womwewo, chifukwa mlembi amachonga potsata pepala lake. Ngati sichinatchule, kalata imatsogola, kenako fomu, satifiketi, chiphaso, n'kumalizira ndi zoikira umboni zina. Njira yosavuta yosungira ndondomekoyi ndi kusintha maina a mafayilo. Foni imapereka maina a manambala ataliatali osauza munthu kanthu, ndipo zithunzi zodzera pa WhatsApp zimatenga tsiku limene zinafika, osati malo ake mu fomu. Maina abwino ndi monga `01_kalata`, `02_fomu1`, `03_fomu2`, mpaka `08_amfumu`. Ziro wa kutsogoloyo ali ndi ntchito. Mapulogalamu ena amasanja maina chilembo ndi chilembo, ndipo kwa iwo 10 ndi 11 amabwera 2 asanafike, poti akuyamba ndi 1. Munthu wa masamba 12 akapanda kuika ziro amapeza tsamba lakhumi lakhala lachiwiri.

WhatsApp ili ndi msampha winanso. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa pa njira. Mwana akajambula satifiketi kumudzi n'kutumiza kwa mchimwene wake ali pa Mponela, chofikacho chatayako kale timadontho, ndipo chikapanikizidwanso kachiwiri chimawonongekeratu. Chikatumizidwa ngati Document chimafika chathunthu monga chinachokera.

Kuphatikiza kwenikweniko kuli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya pa intaneti, pa masamba monga iLovePDF ndi Smallpdf, pamene pali Merge PDF yophatikizira ma PDF, JPG to PDF yosandutsira zithunzi, ndi Compress PDF yochepetsera. Mafayilo amaoneka ngati timakadi toti munthu akoke n'kuika pamalo pake. Njirayi ndi yosavuta, koma mafayilo amayenera kukwera kaye onse, n'kutsikanso. Mtsikana wa ku Malomo akatumiza 24 MB yake pa netiweki yofooka ya makilobiti 200 pa sekondi, adikira mphindi 16, ndipo netiweki ikaduka pa mphindi ya 14 ayambiranso. Pa liwiro lomwelo 2 MB imakwera m'masekondi 80. Palinso nkhani yakuti chiphaso cha unzika ndi silipi ya kubanki zikupita pa kompyuta ya kampani ya kunja, chinthu chimene mwini wake ayenera kuchidziwa asanadine batani.

Njira yachiwiri safuna intaneti. Pa kompyuta ya Windows 10 kapena 11, munthu amasankha zithunzi zonse, kudina batani la kumanja la mausi, kusankha Print, ndipo pa dzina la pulinta kusankha Microsoft Print to PDF. Zithunzi zonse zimalowa mu PDF imodzi. Kabokosi ka Fit picture to frame kachotsedwe chizindikiro, apo ayi m'mphepete mwa chikalata mudulidwa. Njirayi imagwira pa zithunzi zokha ndipo sichepetsa kulemera kwenikweni. Pophatikiza ma PDF okonzeka kale pali mapulogalamu aulere oika mu kompyuta, monga PDFsam Basic ndi PDF24 Creator, ndipo wachiwiriyu amathanso kuchepetsa fayilo, munthu n'kulembamo yekha dpi imene akufuna. Mwini malo a fotokope amene amalandira ana a sukulu nyengo ya mafomu amapindula kukhala ndi pulogalamu yotere, poti imagwira ngakhale tsiku limene netiweki yagwa.

Mafayilo ena amakana kuphatikizidwa. Sitetimenti ya kubanki yobwera pa imelo nthawi zambiri imakhala yokhoma ndi pasiwedi, ndipo imafuna kutsegulidwa kaye ndi mwini wake. Chikalata chosainidwa ndi siginecha ya makina chimataya umboni wa siginechayo chikalowetsedwa mu fayilo ina, choncho chotere chimatumizidwa pachokha ngati potalo ikulola. Ndipo kusintha dzina la chithunzi kuchoka pa `.jpg` kupita pa `.pdf` sikusandutsa kanthu. Mkati mwake chikadali chithunzi, ndipo wochilandira adzangoona uthenga wakuti fayilo yawonongeka.

Mtsikana uja, ulendo woyamba, achita zimene ambiri amachita. Aphatikiza zithunzi zake zolemerazo, kenako asankha kupanikiza kwamphamvu kwambiri, Extreme Compression, ndipo fayilo itsika mpaka 900 KB. Potalo iilandira mosavuta, chifukwa potalo imayeza kulemera, siiwerenga. Koma pa satifiketi nambala ya mayeso yachita chimbuuzi, 3 akuoneka ngati 8, 5 ngati 6. Pa MSCE, pamene giredi 1 ndiye wapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, nambala imodzi yosaoneka bwino imasintha nkhani yonse. Vuto la batani limeneli n'lakuti limamenya masamba onse mofanana, osasiyanitsa fomu ya zilembo zazikulu ndi satifiketi ya tizilembo tating'ono. Ndipo zimene JPG yataya sizibwerera. Fayilo yopanikizidwa ikapanikizidwanso imaipiraipira, m'mbali mwa zilembo mumatuluka utsi ndi timabokosi. Ikalakwika, munthu amabwerera ku zithunzi zoyambirira, n'chifukwa chake zimenezo sizifufutidwa ntchito isanathe.

Ulendo wachiwiri atsata bajeti. Kalata yotayipa ituluka 50 KB. Masamba atatu a fomu, otuwa, pa 150 dpi, atenga 180 KB lililonse, pamodzi 540 KB. Satifiketi, ya mitundu, pa 200 dpi, itenga 450 KB, kuposa gawo lake, koma kalata ija yasiya malo. Chiphaso chitenga 200 KB, silipi 150 KB, kalata ya amfumu 250 KB. Zonse pamodzi ndi 1,640 KB. Manambalawa amasinthasintha malinga ndi pepala ndi pulogalamu, koma msinkhu wake ndi umenewu. Fayiloyi ndi yolemera kuposa ya 900 KB ija, komabe ndiyo yabwino, poti cholinga si kupepuka kopambana koma kulowa pansi pa malire mawu akuwerengeka.

Mpata wotsala pakati pa 1,640 ndi 2,000 suli wachabe. Makompyuta sagwirizana pa tanthauzo la megabayiti. Kwa ena 2 MB ndi mabayiti 2,000,000, kwa ena, monga Windows, ndi mabayiti 2,097,152. Fayilo imene Windows ikuonetsa kuti ndi 1.99 MB ikhoza kukanidwa pa potalo yowerengera njira yoyambayo, mwini wake n'kumadabwa kuti chalakwika n'chiyani. Kulinga pa 1.8 MB kapena pansi pake kumachotsa mkangano umenewu. Kulemera kwenikweni kumaoneka pa Properties mu kompyuta, kapena pa Details mu foni.

Isanatumizidwe, fayilo imatsegulidwa n'kuyenderedwa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Masamba amawerengedwa ngati akwana asanu ndi atatu, ngati palibe lobwerezedwa, ndiponso ngati palibe logona cham'mbali kapena lozondoka. Pa kuzondoka pali kanthu kobisika: kutembenuza tsamba mu pulogalamu yongowerengera nthawi zambiri kumangosintha maonekedwe a nthawi yomweyo, ndipo fayilo ikatsekedwa tsamba limabwerera mwakale. Kutembenuza kokhalitsa kumachitika ndi Rotate mu pulogalamu yophatikizira, fayilo n'kusungidwanso. Kenako tsamba la tizilembo tating'ono kwambiri limakuzidwa mpaka 200%, ndipo munthu wina amene sakudziwa nambalazo pamtima amapemphedwa kuziwerenga mokweza. Mwini wake sakhala mboni yabwino pamenepa, chifukwa maso ake amaona zimene mutu ukudziwa kale.

Dzina la fayilo yomaliza likhale lalifupi, la zilembo wamba ndi manambala, lopanda mipata ndi zizindikiro zachilendo. Izi zikukhudza maina ambiri a kuno okhala ndi kakoma ka m'mwamba, monga mawu akuti ng'ombe alili, kapena chilembo cha ŵ, poti mapotalo ena amakana dzina lotere kapena amalisokoneza. Pa dzina la fayilo, zizindikirozo zimasiyidwa.

Potumiza, uthenga wa potalo umanena pamene pali vuto. Ukanena za kukula, kapena pakaoneka nambala 413, fayilo yaposa malire. Ukanena za mtundu wa fayilo, chotumizidwacho si PDF yeniyeni. Mzere wosonyeza kukwera ukaima pakati osanena kanthu, kawirikawiri ndi netiweki, ndipo mankhwala ake ndi kukwera pamtunda kapena kuyesa m'mamawa anthu asanadzuke, makamaka m'masiku otsiriza pamene dziko lonse likukankhana pa potalo imodzi. Fayilo ikalowa, ngati pali View kapena Download, itsegulidwe kuti zitsimikizike kuti yafikayo ndi yomalizayo, osati ya 900 KB ija yotsalira mu foda yomweyo.

Ngati ntchito yachitikira pa kompyuta ya malo a fotokope, mafayilo onse amakopedwa pa fulashi kapena kutumizidwa ku imelo ya mwini wake, kenako amafufutidwa mu Downloads, pa Desktop ndi mu Recycle Bin, ndipo akaunti ya potalo imatsekedwa ndi Log out. Zithunzi zoyambirira za tsamba lililonse zimasungidwa padera ndi maina ake a manambala aja, chifukwa potalo ina idzafuna 1 MB, ina idzafuna chikalata chilichonse pachokha, ndipo PDF yatsopano imapangidwa kuchokera ku zoyambirirazo.